Musanaitane anthu, yambani mwayeza chitseko

Masiku ano misonkhano yambiri m'dziko muno imaitanidwa ndi chithunzi. Wina ku ofesi amakonza kapositala kokongola, tsiku ndi malo n'kuzilemba pa mitundu yowala, m'munsi n'kundandalika zizindikiro za mabungwe othandiza, kenako n'kukaponya m'magulu a WhatsApp. Kumapeto sikulephera kukhala mzere uja wakuti anthu aulumali akulimbikitsidwa kubwera. Munthu wosaona akalandira uthengawu, pulogalamu yomwe imamuwerengera zolembedwa pafoni, monga TalkBack, kawirikawiri imangomuuza kuti kwabwera chithunzi. Tsiku, malo ndi nambala yoimbira zonse zatsekeredwa m'chithunzimo. Ngakhale mzere womulimbikitsa uja saumva.

Anthu otsekeredwa kunja motere si ochepa. Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti mwa anthu 10 aliwonse a zaka zisanu kupita m'mwamba, pafupifupi mmodzi ali ndi ulumali, ndipo adawerenga anthu achialubino oposa 134,000. Dziko la Malawi lidavomereza mu 2009 pangano la bungwe la United Nations lokhudza ufulu wa anthu aulumali, lomwe gawo lake la 9 likunena zoti nyumba, mayendedwe ndi uthenga zizifikirika kwa onse. Mu 2024 kudabwera lamulo latsopano la anthu aulumali lolowa m'malo mwa la mu 2012, ndipo bungwe lomwe tinkalidziwa kuti MACOHA tsopano ndi MACODA. Malamulo alipo. Koma chomwe chimachititsa kuti mayi woyenda pa wilutcheya adzuke m'mamawa kukakwera minibasi, kapena angokhala pakhomo, si lamulo ayi. Ndi zomwe zalembedwa pa kalata yomuitana, funso lomwe fomu yamufunsa, ndiponso ngati pali wina amene wamuyankha.

Tiyeni titenge msonkhano umodzi tiutsatire. Tiyerekeze kuti bungwe lina lakonza maphunziro a masiku awiri a atsogoleri a magulu a banki m'khonde, pa loji ina pa boma, ndipo likuyembekezera anthu 40. Mwa oitanidwawo muli mayi woyenda pa wilutcheya, bambo wosamva amene amalankhula chinenero chamanja, mkulu wina wosaona, ndi mtsikana wachialubino. Wokonza msonkhano sakuwadziwa anayiwa, ndipo sangawadziwe pokhapokha atawapatsa mpata woti anene.

Za kalata yoitanira n'zosavuta, tingodutsapo. Kapositala katumizidwe ndithu, koma pansi pake zonse zilembedwenso ngati uthenga wamba wa pafoni, woti pulogalamu ingathe kuuwerenga. Kalata ikakhala ya pakompyuta, itumizidwe mu Word kapena mu PDF yochokera pa zolembedwazo, osati pepala losainidwa lomwe lajambulidwa, chifukwa pepala lojambulidwa ndi chithunzi basi ngakhale likuoneka ngati kalata. Kuyesa kwake n'kwapafupi: ngati simungathe kusankha mawu m'kalatamo n'kuwakopera kwina, dziwani kuti NVDA kapena JAWS pa kompyuta ya mnzanu wosaona ivutikanso nawo. Ndipo njira yolembetsera isakhale imodzi. Linki ya Google Forms ndi yabwino kwa amene ali ndi foni yamakono ndi bandulo, koma wosamva afuna nambala yoti alembereko uthenga, pomwe wosaona kapena wosatha kulemba afuna nambala yoti aimbe wina n'kumulembera. Kalata yongonena kuti "imbani pa nambala iyi" yamusiya kale bambo wosamva uja.

Pomwe pagona nkhani ndi pa funso la pa fomu. Mafomu ambiri ali ndi kabokosi kofunsa kuti, "Kodi muli ndi ulumali? Inde kapena ayi." Ena amawonjezera kuti munthu atchule mtundu wake. Funsoli limathandiza wolemba lipoti lopita kwa opereka ndalama, koma wokonza holo silimuthandiza kanthu. Munthu akalemba kuti ndi wosamva, mwadziwa chiyani? Wina amene adabadwa wosamva n'kuphunzira kusukulu ya ana osamva afuna womasulira m'chinenero chamanja. Wina amene makutu adayamba kuvuta atakula sachidziwa chinenerocho, ndipo womasulira angamuthandize zochepa kwambiri. Iye akufuna mpando wakutsogolo, wolankhula amene sakufulatira anthu, ndi zolembedwa zoti azitsatira. Chimodzimodzi osaona: si onse amene amawerenga zilembo za bureyilo, ambiri masiku ano angakonde kuti muwatumizire zolembedwazo pafoni kapena pakompyuta tsiku lisanafike. Mukangoganizira nokha, muwononga ndalama pa chinthu chomwe mwini wake sachigwiritsa ntchito. Akulu adati safunsa adadya phula.

Palinso anthu ambiri amene pa kabokosi kaja amachonga "ayi" pomwe ali ndi chosowa chenicheni. Gogo wa mawondo opweteka sadzitcha wolumala, koma masitepe a nyumba yosanja sangakwere. Munthu wa khunyu, kapena wa shuga amene ayenera kudya pa nthawi yake, sangafune kulemba matenda ake pa pepala lomwe sakudziwa kuti alione ndani. N'chifukwa chake funso labwino silifunsa za thupi la munthu. Limafunsa zomwe okonza ayenera kuchita. Likhoza kulembedwa motere: "Tikufuna kuti mutenge nawo mbali pa zonse. Chongani chomwe tikukonzereni: womasulira m'chinenero chamanja, zolembedwa m'zilembo zazikulu, zolembedwa m'bureyilo, zolembedwa zotumizidwa pafoni kapena pa imelo msonkhano usanayambe, malo opanda masitepe, chipinda chogona cha pansi, mpando wakutsogolo, munthu wokuchingamirani pa siteji. Kodi mubwera ndi wokuthandizani? Ngati pali china, lembani apa kapena tiimbireni."

Mndandanda wochonga ndi wofunika chifukwa anthu ambiri sapempha chinthu chomwe sakudziwa kuti n'chololedwa kupempha. Mtsikana wachialubino uja adazolowera kuyambira ku pulayimale kukhala chete akulephera kuona pa bolodi. Mukamupatsa mzere wopanda kanthu woti alembepo "zosowa zapadera", ausiya. Koma akaona kuti zilembo zazikulu ndi mpando wakutsogolo zalembedwa kale ngati zinthu wamba, achonga mosachita manyazi. Mzere wopanda kanthu ukhale pomaliza, wa zinthu zomwe simunaziganizire. Ndipo funsoli lifunsidwe kwa aliyense mwa anthu 40 aja, lisakhale kafomu kapadera kopita kwa okhawo amene mukuwaganizira.

Funso la wothandiza lija musalipepuse, chifukwa ndi la ndalama. Mkulu wosaona akabwera ndi mdzukulu wake womutsogolera, mdzukuluyo akwera minibasi yolipira, adya nkhomaliro, ndipo agona. Bajeti ikakhala ya anthu 40 ndendende, pa tsiku lomaliza pamabuka mkangano pa tebulo la akawuntanti, amene amati dzina la mwanayo palibe pa mndandanda, ndiye mkulu uja agawane naye thiransipoti yake. Mayi wa wilutcheya naye nthawi zambiri amalipitsidwa mpando wachiwiri kapena ndalama ya katundu chifukwa cha njingayo, ndipo kuchoka pa depoti kupita ku loji sangakwere kabaza monga anzake. Zimenezi zikadziwika pa nthawi yolembetsa zimalowa m'bajeti mwakachetechete. Zikatulukira pa tsiku la msonkhano, munthu amaoneka ngati wopemphetsa pomwe akungofuna kubwezeredwa zomwe wawononga.

Apa mpamene tsiku lotsekera kulembetsa limakhalira lofunika. Omasulira m'chinenero chamanja m'dziko muno ndi ochepa, ndipo ambiri amapezeka m'mizinda ikuluikulu. Msonkhano wa tsiku lathunthu umafuna omasulira awiri osinthana pakatha mphindi 20 kapena 30 zilizonse, poti ntchitoyi imatopetsa manja ndi mutu womwe, ndipo womasulira akatopa amayamba kudumpha mfundo osadziwa. Amafunanso kuoneratu zomwe zikaphunzitsidwe, kuti mawu monga chiwongoladzanja ndi masheya asawadzidzimutse. Zolembedwa m'bureyilo nazo zimafuna kuti ophunzitsa amalize zolemba zawo msanga, zitumizidwe kosindikiza, zibwerenso. Wokonza amene watseka fomu Lachisanu msonkhano uli Lolemba sangakwanitse chilichonse mwa izi, ngakhale atafunitsitsa. Masabata awiri kapena atatu ndiye mpata wabwino, ndipo kalata inene poyera kuti opempha womasulira kapena bureyilo anene pofika tsiku lakuti. Bungwe la anthu osamva la MANAD ndi la anthu osaona la Malawi Union of the Blind ndi malo oyambira kufunsa. Koma tsikulo lisasanduke mpanda: wobwera mochedwa ndi pempho lake amvedwe, auzidwe zomwe zingatheke.

Ndiye pali chinthu chomwe ambiri amachiiwala, chomwe ine ndimati ndicho chachikulu pa zonse: kuyankha. Fomu ikalandiridwa, munthu mmodzi wodziwika dzina aziwerenga gawo limeneli ndi kubwerera kwa aliyense amene wachonga kanthu, kudzera njira yomwe mwini wake wasankha. Kwa bambo wosamva alembe kuti, "Bambo, tapeza omasulira awiri, adzakhalapo masiku onse awiri kuyambira 8 koloko." Kwa mayi uja aimbe n'kufunsa kuti, "Mayi, wilutcheya yanu ndi yotambalala bwanji, ndipo imapindika?" Ngati chinthu chalephereka, anenenso nthawi ikadalipo. Anthu aulumali ambiri adachongapo mafomu otere n'kukafika pamalo n'kupeza kuti palibe adawerenga, choncho kukakhala zii amadziwa tanthauzo lake ndipo sawononga ndalama ya ulendo.

Tsopano za malo. Mukaimbira foni ku loji n'kufunsa ngati munthu wa wilutcheya angalowe, yankho limakhala lakuti, "Palibe vuto bwana, tili ndi rampu." Nthawi zina amawonjezera kuti anyamata alipo, adzawanyamula. Musakhutire ndi yankho limeneli. Pitani nokha ndi tepi yoyezera, ndipo ngati n'kotheka mupite ndi munthu woyenda pa wilutcheya. Bungwe la FEDOMA ndi mabungwe omwe ali pansi pake angakulumikizeni ndi mamembala awo.

Yambirani pa geti n'kuyenda njira yonse yomwe mlendo adzayende. Pabwalo pakakhala mchenga kapena miyala yoswa, timatayala takutsogolo ta wilutcheya timatitimira. Ngalande yosavundikira pakati pa poimika magalimoto ndi khonde ndi msampha kwa wosaona. Pofika pa rampu, muyeso wodziwika padziko lonse ndi wakuti pa sentimita imodzi iliyonse yokwera pakhale masentimita 12 a kutalika, ndipo kutsetsereka kusapose apo. Sitepe imodzi ya masentimita 15 imafuna rampu ya masentimita 180. Khonde la loji yathu ija tiyerekeze kuti lili ndi masitepe atatu otere, kutanthauza masentimita 45. Rampu yake iyenera kutalika mamita 5 ndi masentimita 40. Chomwe mumapeza nthawi zambiri ndi kasimenti kotsetsereka ka mita imodzi ndi theka komwe mmisiri adakamata pambali pa masitepe. Pa kotere munthu sangadzikwezepo yekha, womukankha akaterereka njinga imabwerera chagada, ndipo potsika ndiye poopsa kwambiri, makamaka nthawi ya dzinja simenti ikanyowa.

Zitseko muyeze zili zotsegula, kuchokera pa chitseko penipeni kufika pa felemu, osati felemu yokha. Wilutcheya wamba ya munthu wamkulu imatambalala masentimita pafupifupi 65 mpaka 70, ndipo manja oyendetsa matayala amafunanso malo, choncho mpata usachepere masentimita 80. Ukafika 90 ndiye bwino. Chitseko cha holo kawirikawiri chimakwana. Chomwe chimagwetsa malo ambiri ndi cha kuchimbudzi, chomwe amamanga chopapatiza, chotsegukira m'kati, mwina ndi kasitepe pakhomo. Ngakhale njinga italowa, m'katimo mufunika malo otembenukira a masentimita pafupifupi 150, mpata pambali pa mtondo woti munthu asamukirepo, ndi chitsulo chogwirira cholimba kukhoma. Ndipo ngati loji ili nacho chimbudzi chotere, tsegulani muone. Si zachilendo kupezamo mamopu, zidebe ndi makatoni a sopo, kiyi ali ndi munthu amene lero sanabwere.

Nkhani ya chimbudziyi ili ndi chizindikiro chake chomwe okonza misonkhano sachiona. Nthawi ya tiyi ikakwana, mayi wa wilutcheya amati zikomo, sindimwa. Botolo la madzi lomwe laikidwa patsogolo pake limakhala losatsegula mpaka madzulo, kunja kukutentha mwezi wa Okutobala. Anzake amaganiza kuti sakonda tiyi. Zoona zake n'zakuti adayang'ana chitseko chija m'mawa n'kuwerengera maola omwe atsala kuti akafike kunyumba. Ena amangochoka ikatha nkhomaliro osabwereranso, ndipo lipoti limalemba kuti adathawa maphunziro atalandira alawansi.

M'holo momwemo muone komwe kuwala kukuchokera. Womasulira akaima patsogolo pa windo lowala, nkhope ndi manja ake zimada, ndipo magetsi onse akazimitsidwa kuti pulojekita ioneke, bambo wosamva uja watsekedwa makutu kachiwiri. Mtsikana wachialubino akufuna kutsogolo koma kutali ndi dzuwa lolowera pa windo, mapepala ake asindikizidwe pa saizi 18, ndipo ngati gawo lina la maphunziro lidzachitikira panja kapena kumunda, auzidwiretu kuti atenge chipewa ndi mafuta ake oteteza khungu, inu mukonze mthunzi. Funsaninso komwe kudzadyeredwe, poti malo ambiri holo ili pansi koma chodyera chili pamwamba pa masitepe. Kumene kuli chikepe, funsani ngati jenereta imachiyendetsa magetsi akazima.

Mukabwerako, zomwe mwaona zilembeni momwe zilili, n'kuzitumiza kwa onse pamodzi ndi kalata. Mawu akuti "malowa ndi ofikirika kwa onse" asapezekemo, chifukwa sanena kanthu, ndipo zomwe zili zofikirika kwa woyenda ndi ndodo sizingakhale choncho kwa woyenda pa njinga. Lembani chonchi: "Kuchokera pa depoti kufika pa loji ndi mtunda wa kilomita imodzi, msewu wafumbi, galimoto yathu idzatenga amene apempha. Khomo lakutsogolo lili ndi masitepe atatu ndi rampu yotsetsereka kwambiri. Khomo lakumbali, moyang'anana ndi poimika magalimoto, lilibe sitepe ndipo lidzakhala lotsegula. Chitseko cha holo ndi masentimita 120. Chimbudzi cha pafupi ndi holo chitseko chake ndi masentimita 68. Cha m'chipinda nambala 2 ndi masentimita 85, chilibe chogwirira, ndipo chipindacho tachisungira msonkhano. Chakudya chidzaperekedwa m'holo momwemo." Ziganizo zochepazi zimamupatsa mayi uja mphamvu yosankha yekha, poti njinga yake ndi thupi lake amazidziwa ndi iye. Zithunzi ziwiri kapena zitatu za khomo ndi chimbudzi zimathandiza, bola mawu ofotokoza akhalepo. Kwa wosaona, mapu ojambula alibe ntchito. Mufotokozereni njira ndi mawu, kuti akalowa pa geti akhotere kumanja, atsate khoma, ndipo pali ngalande asanafike pa khonde.

Ena amaopa kulemba zofooka za malo poganiza kuti zinyozetsa bungwe. Ine ndikuona kuti chonyozetsa ndi kuona mayi wamkulu, tcheya wa gulu lake, atanyamulidwa ndi alonda awiri ngati thumba la chimanga anthu onse akuyang'ana. Kunyamula munthu pa wilutcheya pa masitepe n'koopsa kwa iye ndi kwa onyamulawo, ndipo sikungalembedwe ngati njira yolowera. Ngati muyeso waonetsa kuti palibe khomo lopanda masitepe kapena chimbudzi chomwe angalowe, yankho ndi kusintha malo, ndipo n'chifukwa chake kuyeza kuyenera kuchitika musanalipire dipoziti. M'maboma ena malo abwino ndi osowa ndithu, koma holo ya sukulu kapena ya tchalitchi yomangidwa pansi nthawi zina imaposa loji yodula.

Pali kusamala kwina pa zomwe anthu akuuzani. Zomwe munthu walemba pa fomu zidziwike kwa okhawo amene akukonza, ndipo a ku loji auzidwe chochita, osati za munthuyo: chipinda cha pansi chimodzi, mbale imodzi yopanda shuga. Pepala losainira lomwe limazungulira m'holo lisakhale ndi danga loti aliyense alembepo ulumali wake anzake akuwerenga. Ngati opereka ndalama akufuna chiwerengero, chifunsidwe padera, munthu ali ndi ufulu wosayankha. Kwa anthu achialubino nkhaniyi ndi ya chitetezo chenicheni, poganizira za kuphedwa ndi kubedwa kwa anthu achialubino komwe dziko lino laona m'zaka zapitazi, nkhani yomwe bungwe la APAM lakhala likulimbana nayo. Dzina, mudzi, malo ogona ndi nthawi yomwe mtsikana uja adzanyamuke si zoponya pa gulu la WhatsApp la anthu 40, ndipo pulogalamu ithe nthawi yoti akafike kwawo kusanade.

Zonsezi zikhoza kukonzedwa bwino n'kuwonongeka m'mawa wa tsiku lomwelo. A ku loji apeza kasitomala wamkulu, ndiye msonkhano wanu ausamutsira ku holo yam'mwamba. Khomo lakumbali lija lakhomedwa, kapena galimoto ya mkulu wina yaima pakamwa pa rampu. Choncho pangano ndi a loji litchule holo yeniyeniyo polemba, ndipo amene ankayankha mafomu uja afike ola limodzi anthu asanafike, ayendenso njira yonse kuyambira pa geti, foni yake ili yotsegula kwa oimba ndi olemba omwe.

Kodi wokonza angadziwe bwanji kuti njira yake sikugwira? Ayang'ane mafomu a misonkhano yake yapita. Ngati anthu mazana adalembetsa koma gawo la zosowa lili mbee nthawi zonse, asanene kuti kuno kulibe anthu aulumali. Kalata siikuwafika, kapena funso lalembedwa moti sangayankhe. Ngati amachonga koma pa tsikulo sabwera, ndiye kuti palibe adawayankha kapena zomwe adamva za malo zidawabweza. Aimbireni kapena alembereni mmodzimmodzi, mufunse chomwe chidawaletsa, ndipo zomwe anene zikalowe pa fomu ya msonkhano wotsatira.